Gemu Ikamakuvutani Maso Kapena Zala: Zoyenera Kusintha Musanaitaye

Funso ili limandipeza kawirikawiri, kungoti limabwera mosiyanasiyana. Wina amati mwana wake amasokoneza anzake ndi adani mu gemu. Wina akuti chichitikireni ngozi, dzanja lake silithanso kufinya batani lowombera. Winanso amangoti akasewera pang'ono mutu umayamba kuwawa. Onsewa amafunsa ngati pali chomwe angasinthe, ndipo nthawi zambiri chimakhalapo. Vuto n'lakuti anthu amatsegula menyu yolembedwa Accessibility, n'kuyatsa chilichonse chomwe aona, gemu n'kuipiraipira, basi n'kunena kuti zinthuzi sizigwira ntchito. Ndalemba pano ndondomeko yomwe ndimatsata, kuti wofunsanso ndizingomulozera.

1. Pezani malo enieni amene gemu ikukugwetserani

Musayambe ndi dzina la vuto lanu. Yambani ndi mphindi yomwe zinthu zimasokonekera. Sewerani monga mwa masiku onse, ndipo mukalephera imitsani gemu n'kudzifunsa kuti chachitika n'chiyani. Kodi simunachione chinthucho? Simunachimve? Munachiona koma chala chinachedwa kufika pa batani? Kapena chala chinafika koma chinatopa chisanamalize?

Mayankho anayiwa amapita ku mankhwala osiyana. Munthu wonena kuti "ndimaphedwa msanga" angakhale ndi vuto la mitundu, la makutu kapena la dzanja, ndipo mawu amenewo sakutiuza kanthu. Koma akanena kuti "kadontho kofiira kolozera mfuti kamandisowa ndikalowa m'nyumba ya mdima", ntchito yatha theka. Ngati mukuthandiza mwana kapena m'bale, khalani pambali muziyang'ana manja ake ndi nkhope yake, osati sikirini. Mudzaona akusendera kufupi ndi TV, kapena akuchotsa dzanja lonse pa padi, chida chosewerera chogwira m'manja chija, kuti akanikize batani limodzi. Iye mwina sadziwa n'komwe kuti amatero.

Lamulo loti mulisunge mpaka kumapeto ndi ili: sinthani chinthu chimodzi, yesani pamalo omwewo munalephera paja, kenako pitani pa china.

2. Dziwani kuti zosintha zili m'malo atatu

Malo oyamba ndi m'gemu mwenimwenimo. Achiwiri ndi m'makina, kaya ndi PlayStation, Xbox, Switch, kompyuta kapena foni. Achitatu ndi chida chomwe mwagwira m'manja. Nthawi zonse yambani ndi gemu, chifukwa ndi yokhayo imadziwa kuti ichi ndi mdani, ichi ndi chitseko. Makina sadziwa zimenezo, amangosintha zonse mofanana.

Chenjezo laling'ono: si zonse zothandiza zimakhala pansi pa Accessibility. Zambiri zimabisala pa Controls, Audio, Video kapena Gameplay. Mu Fortnite, mwachitsanzo, zosintha mitundu zili pa Video, pomwe zoonetsa phokoso zili pa Audio. Yendani menyu yonse kamodzi musananene kuti mulibe kanthu.

3. Mitundu

Kusasiyanitsa mitundu ndi vuto lobadwa nalo kwa anthu ambiri amene ali nalo, ndipo limakonda amuna chifukwa limayenda ndi chibadwa chimene mwana wamwamuna amatengera kwa mayi ake. Pakati pa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupifupi mwamuna mmodzi pa 12 alionse ali nalo, pomwe kwa akazi ndi mmodzi pa 200. Pakati pa Aafirika chiwerengerochi n'chotsikirapo, komabe m'chipinda chodzaza anyamata osewera mpira pa PlayStation si zachilendo kupezamo mmodzi. Ambiri sadziwa. Amangodziwika kuti ndi uja amapatsira mdani mpira.

Munthu wotere si kuti amaona zoyera ndi zakuda zokha ayi. Mitundu amaiona, kungoti ina imamufanana. M'menyu mudzapeza mayina atatu. Deuteranopia ndi pamene diso silimva bwino kuwala kobiriwira, ndipo gulu la mavuto a mtundu umenewu ndilo lofala kwambiri. Protanopia ndi pamene silimva bwino kuwala kofiira. Awiri onsewa amasokoneza zofiira, zobiriwira ndi zabulauni, koma wa Protanopia ali ndi china chapadera: zofiira zimamuonekera zoderako, n'chifukwa chake kadontho kofiira kamamira mumdima. Tritanopia ndi yosowa kwambiri, ndipo imasokoneza buluu ndi zobiriwira, komanso chikasu ndi pinki. Fortnite imalemba mayinawa kuti Deuteranope, Protanope ndi Tritanope, koma nkhani ndi yomweyo.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Mawu akuti Colorblind Mode amaimira zinthu zitatu zosiyana.

Choyamba ndi sefa yophimba sikirini yonse. Imasuntha mitundu yonse nthawi imodzi: udzu, thambo, nkhope za anthu, zonse. Nthawi zina imathandiza, koma kawirikawiri imalekanitsa mitundu iwiri yomwe imakuvutani n'kuyandikitsa ina iwiri yomwe poyamba inali bwinobwino. Ngati pali chowonjezera mphamvu, monga Color Blind Strength ya mu Fortnite, musathamangire kumapeto. Kwezani pang'onopang'ono, ndipo imani pomwe mwayamba kusiyanitsa zinthu ziwiri zija. Kupitirira apo mukungoipitsa chithunzi.

Chachiwiri, chomwe chili chabwino kwambiri, ndi gemu yokulolani kusankha nokha mtundu wa chinthu chilichonse: dzina la mdani, dzina la mnzanu, kolozera mfuti. Magemu atsopano a Call of Duty amatero. Ngati zofiira ndi zobiriwira zimakuvutani, ikani anzanu buluu ndipo adani chikasu kapena olenji. Onetsetsaninso kuti mtundu wina ndi wowala, wina ndi woderako, kuti ngakhale mitunduyo itakusokonezani kuwala kwake kukuuzeni.

Chachitatu ndi gemu imene siidalira mtundu wokha, koma imaika chizindikiro. Mu Among Us muli ntchito yolumikiza mawaya amitundumitundu, ndipo opanga ake anadzaika kachizindikiro pa waya aliyense kuti munthu azilumikiza poyang'ana mawonekedwe. Mukapeza zoterezi, sefa simukuifunanso.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pitani pamalo pomwe zinthu ziwiri zokuvutanizo zikuonekera pamodzi, makamaka kumalo ophunzirira kumene palibe wokuthamangitsani, ndipo yesani masefa a mayina atatu onse aja, ngakhale mutakhala kuti a chipatala anakuuzani dzina la vuto lanu. Si zachilendo kuti sefa ya dzina lina ikuyenereni kuposa ya dzina lanu, chifukwa opanga magemu sapanga masefawa mofanana. Khulupirirani diso lanu. Ndipo amene amaona bwino asamusankhire mnzake, popeza chimene chikuoneka chonyansa kwa inu chingakhale choyera bwino kwa iye.

Kulakwitsa kofala ndi kuyatsa sefa kawiri. Windows ili ndi Color filters, PS5 ndi mafoni a Android ali ndi Color correction. Mukayatsa ya makina ndi ya gemu nthawi imodzi, mitundu imasunthidwa kawiri n'kusanduka phala. Sankhani imodzi.

Kwa osewera mpira wa FIFA kapena EA Sports FC, sefa ilimo, koma chothandiza kuposa sefa ndi kusankha yunifomu mpira usanayambe. Timu ina ivale yoyera, ina yakuda kapena yabuluu woderako. Yofiira kulimbana ndi yobiriwira, pabwalo lomwe nalonso ndi lobiriwira, ndi kumuzunza mnzanu.

4. Mabatani: pano khalani pansi

Malangizo ambiri amangoti "sinthani mabatani momwe mukufunira" n'kudutsa. Koma padi ilibe mabatani opuma. Lililonse lili ndi ntchito, ndiye mukasuntha ntchito imodzi mwathamangitsa ina pamalo pake, ndipo nayonso ifuna kokhala. Apa ndi pomwe anthu amagwa ulesi.

Tiyeni titenge munthu mmodzi tiyende naye. Bambo wina dzanja lake lamanja linafooka atadwala sitiroko. Chala chachikulu chimayendetsabe analogi, kandodo kaja kotembenuzira kamera, ndipo chimatha kudina mabatani apamwamba. Koma zala zakutsogolo sizitha kufinya R1 ndi R2, mabatani awiri akutsogolo a mbali yamanja pa padi ya PlayStation, omwe anzake a kumanzere ndi L1 ndi L2. Dzanja lamanzere lili bwino. Amakonda gemu yowomberana, momwe mwachizolowezi L2 ndi yolozera mfuti, R2 ndi yowombera, L1 ndi R1 ndi zoponyera mabomba, ndipo kuthamanga ndi kukanikiza analogi yamanzere, komwe kumatchedwa L3.

Musanakhudze menyu, tengani pepala. Mbali imodzi lembani mabatani amene munthuyo amawafika mosavuta, amene amawafika movutikira, ndi amene sawafika n'komwe. Kwa bambowa R1 ndi R2 zafa. Kukanikiza analogi yamanja, R3, n'kovutikira chifukwa kumafuna mphamvu. Mbali inayo lembani ntchito za mu gemu, koma muzigawe pawiri: zofunika pa kamphindi komweko, monga kuwombera, kulozera ndi kudumpha, ndi zimene zingadikire mutabisala, monga kuona mapu kapena kusintha zida. Zachangu zipite ku mabatani osavuta. Zodikira zipite kotsalako.

Musanasunthe kanthu, funani kaye kusankha pakati pa Hold ndi Toggle. Hold ndi kugwirabe batani nthawi yonse imene mukufuna ntchitoyo ichitike. Toggle ndi kudina kamodzi kuti iyambe, n'kudinanso kuti ithe. Kanthu kameneka kamamasula zala kuposa china chilichonse. Taonani: bambowa akufuna kulozera ndi kuwombera ndi dzanja lamanzere lokha. Ngati kulozera kuli pa Hold, chala chamkombaphala chagwidwa pamenepo, chowombera palibe. Kukakhala pa Toggle, amadina L1 kamodzi, mfuti n'kukwera, chala chomwecho n'kutsikira pa L2 kukawombera. Choncho kulozera kupite pa L1, kuwombera pa L2.

Tsopano mabomba awiri aja alibe kokhala. Loyamba lathamangitsidwa pa L1, lachiwiri linali pa R1 yosafikika. Malo otsala ndi mabatani a mivi, aja anayi a kumanzere. Koma dziwani mtengo wake: kuti chala chachikulu chamanzere chifike pa mivi, chiyenera kuchoka pa analogi yoyendera, ndiye munthu wanu mu gemu amaima chilili. Kuponya bomba utaima n'kotheka ngati uli kuseri kwa khoma. Kudumpha kapena kuzinda utaima n'kosatheka. N'chifukwa chake pa mivi pamapita ntchito zodikira zokha. Chimodzimodzinso kumanja: chala chikapita pa mabatani anayi apamwamba, kamera imaima. Nthawi iliyonse mukasuntha ntchito dzifunseni kuti, chala chimenechi chikachoka pomwe chili, n'chiyani chiime?

Kuthamanga kusiyeni pa L3 koma kukhale pa Toggle, kapena yatsani kuthamanga kodzichitikira ngati gemu ili nako. Kugwirabe analogi chokanikiza uku ukuyendetsa ndi chinthu chimene chimapweteka anthu a nyamakazi msanga. Ngati ndi PS5, pitani pa Trigger Effect Intensity muchepetse kapena kuzimitsa kulimba kwa L2 ndi R2, chifukwa padi ya makinawa imalimbitsa dala mabataniwa kuti muzimva ngati mukukoka mfuti yeniyeni. Kwa chala chimene tsopano chikugwira ntchito ziwiri, kulimbako n'katundu wopanda phindu.

Mukamaliza, musathamangire nkhondo. Yesani mbali zonse za gemu, chifukwa batani limodzi limasintha ntchito malinga ndi pomwe muli. R2 yowombera ija ndi yomwenso imapatsa moto galimoto. Kusambira, kukwera hatchi, kutsegula menyu, chilichonse chingakhale ndi mndandanda wakewake wa mabatani. Gemu yabwino imakupatsani tsamba la chilichonse. Ina imakulolani kusintha za poyenda pansi zokha, ndipo mumazindikira mutakwera galimoto adani ali pambuyo.

Nanga gemu ikakhala kuti silola kusintha mabatani? Apo ndiye mumapita ku makina. Pa PS5 njira yake ndi iyi:

```
Settings > Accessibility > Controllers > Custom Button Assignments
```

Pa PS4 ndi Button Assignments, pansi pa Accessibility pomwepo. Pa Switch:

```
System Settings > Controllers and Sensors > Change Button Mapping
```

Pa Xbox gwiritsani ntchito Xbox Accessories, ndipo pa kompyuta Steam Input imachita zambiri kuposa zonsezi. Koma njira ya makina ili ndi misampha iwiri. Woyamba: gemu sidziwa kuti mwasintha. Mukasinthanitsa L2 ndi R2, sikirini izilembabe kuti dinani R2, pamene chala chanu chiyenera kupita pa L2. Kwa mwana kapena munthu woiwalaiwala, bodza limeneli limasokoneza kwambiri, ndipo kapepala komata pa padi kamathandiza. Wachiwiri: kusinthako kumagwira paliponse. Bambo athu akasinthanitsa L2 ndi R2 kuti aziwombera ndi kumanzere, mu gemu ya magalimoto buleki ndi moto nazonso zasinthana. Ngati makinawo ndi obwerekana kapena a pamalo olipira, bwezerani zonse mukamaliza, apo ayi wobwera pambuyo panu aganiza kuti padi yawonongeka.

Pali zinanso ziwiri zoyenda ndi mabatani. Magemu ambiri ali ndi malo oti udine batani limodzi mofulumira kambirimbiri kuti utsegule chitseko kapena udzipulumutse. Funani chosintha zimenezi kuti kukhale kungogwira batani. The Last of Us Part II, yomwe inatuluka mu 2020 ndi zosintha zoposa 60, ili nacho, ndipo ilinso ndi makonzedwe a mabatani a dzanja limodzi, lamanzere kapena lamanja, okonzeratu. China ndi Deadzone, kutanthauza kadera kapakati pa analogi komwe gemu imanyalanyaza kugwedezeka. Amene manja awo amanjenjemera akakulitse. Amene chala chawo chimangosuntha pang'ono akachepetse, n'kukweza Sensitivity kuti kusuntha pang'onoko kuzikwanira. Padi yakale imene kamera imayenda yokha nayonso imachira ndi kukulitsa Deadzone pang'ono.

Pa foni nkhaniyi ndi yosavutirapo, chifukwa mabatani ndi ojambula chabe. PUBG Mobile ndi Free Fire zimakulolani kukoka batani kuliika pomwe mukufuna ndi kulikulitsa. Ku mpira wa EA Sports FC kuli makonzedwe a Two Button ndi One Button, momwe gemu imakusankhirani mtundu wa pasi kapena shoti malinga ndi pomwe muli. Simuchita nazo zamatsenga, koma mpira umaseweredwa.

Chomaliza pa gawoli: tsiku loyamba mudzasewera moipa kuposa kale, chifukwa zala zikukumbukabe malo akale. Musabwezere msanga. Chizindikiro choti makonzedwe ndi olakwika si kuphonya batani, koma kupweteka, kapena kupezeka kuti ntchito ziwiri zofunika nthawi imodzi zikudikira chala chimodzi.

5. Makutu, zilembo ndi chizungulire

Izi n'zosavuta kukonza, ndiye ndidutsapo mwachangu. Kwa amene samva kapena amamva pang'ono, mawu olembedwa pansi pa sikirini ndi chiyambi chabe. Akulitseni, ikani mthunzi wakuda kumbuyo kwake, ndipo yatsani dzina la wolankhula. Koma mu gemu chimene chimakupha si zolankhula, ndi mapazi a mdani amene sunawamve. Fortnite ili ndi Visualize Sound Effects, yomwe imajambula mkombero pakati pa sikirini woonetsa komwe kukuchokera mapazi kapena kulira kwa mfuti. Minecraft imalemba phokoso pakona ndi kamuvi koloza mbali yake. Amene khutu limodzi silimva ayatse Mono Audio, kuti zonse zizilowa mbali zonse za mahedifoni. Dziwani kuti potero simudziwanso mbali yochokera phokoso, ndiye phatikizani ndi zojambula zija. Forza Horizon 5 inaika omasulira m'chinenero chamanja mu 2022, koma ndi cha ku America ndi cha ku Britain, osati cha ku Malawi, choncho kwa ambiri kuno mawu olembedwa ndiwo odalirika.

Kwa oona pang'ono, kuphatikizapo anzathu ambiri achialubino amene maso awo amavutika ndi tizilembo ting'onoting'ono komanso kuwala kwambiri, yambani ndi kukula kwa zilembo ndi kutsitsa kuwala kwa sikirini. Kenako funani High Contrast. Mu The Last of Us Part II imazimitsa mitundu ya dziko lonse kukhala yotuwa, n'kupaka anzanu buluu, adani kufiira, ndi zinthu zotola chikasu, ndipo pali mitundu ina yosankha ngati kufiirako kukukuvutani.

Amene amachita nseru kapena chizungulire azimitse Motion Blur, yochititsa chimbuuzi potembenuka, ndi Camera Shake, yogwedeza chithunzi, ndipo akulitse Field of View, kukula kwa dera looneka pa sikirini. Mu Minecraft zimitsani View Bobbing. Koma za khunyu n'zina. Kuthwanima kwa kuwala kumatha kugwetsa anthu ena odwala matendawa, ndipo chochepetsa kuthwanima cha mu gemu si chitsimikizo choti palibe ngozi. Ameneyo afunse dokotala wake kaye.

6. Zonsezi zikapanda kukwana

Nthawi zina vuto ndi liwiro lokha. Celeste, ya mu 2018, ili ndi Assist Mode yolola kuchepetsa liwiro la gemu mpaka theka. Zoterezi zimagwira mukamasewera nokha. Pa intaneti, polimbana ndi anthu ena, liwiro silingatsitsidwe chifukwa nonse muli m'bwalo limodzi, ndiye kumeneko muzidalira mitundu, mabatani ndi zoonetsa phokoso.

Njira ina yosafuna kugula chida chachilendo ndi kulumikiza mapadi awiri kuti azigwira ngati imodzi. Xbox inayamba zimenezi mu 2017 ndi dzina loti Copilot, ndipo PS5 nayo inadzalola padi yachiwiri yothandizira mu 2023. Bambo athu aja angayendetse ndi kulozera, mwana wawo n'kumaponya mabomba. Kapena munthu mmodzi angaike padi ina patebulo n'kumaidina ndi chigongono kapena phazi.

Zida zopangira dala anthu aulumali ziliponso. Xbox Adaptive Controller inatuluka mu 2018. Ili ndi mabatani awiri akuluakulu pamwamba ndi mabowo 19 kumbuyo, ofanana ndi a mahedifoni, ndipo bowo lililonse limaimira batani limodzi la padi, kuti mulumikizepo siwichi yodina ndi phazi, bondo kapena mutu. Sony inatulutsa Access controller ya PS5 mu Disembala 2023, yozungulira, yoika patebulo, mabatani ake ochotseka. Musanaitanitse chilichonse mwa izi kuchokera kunja, bwererani ku pepala lija la pa gawo 4. Werengani ntchito zimene zatsala zopanda batani lofikika, chifukwa chiwerengero chimenecho ndicho cha masiwichi amene mukufuna, ndipo masiwichiwo amagulidwa paokha.